Uthenga woyamba wochokera kusitolo, ndi mawu oti STOP omwe ali kumapeto kwake

Mwagula nsapato m'sitolo ina ku Amereka, ndipo pomwe mukulipira mtsikana wa pakauntala wakufunsani ngati mungakonde kumadziwitsidwa katundu akatsika mtengo. Mwalemba nambala yanu pakamakina kali pamenepo, mwachonga kabokosi, mwatuluka. Musanafike pokwerera basi foni yalira, ndipo pagalasi pali uthenga wonga uwu (pomwe palembedwa SITOLO pamakhala dzina lenileni la sitoloyo):

```
SITOLO: You're signed up for sale alerts. Up to 4 msgs/month. Msg & data rates may apply. Reply HELP for help, STOP to cancel.
```

Ambiri uthenga wotere umawadabwitsa. Munthu wangolowa kumene, nanga n'chifukwa chiyani akumuonetsa kale khomo lotulukira? Ena amaganiza kuti ndi akuba ndipo amaopa kuyankha. Ena amayankha, mauthenga n'kumabwerabe, ndiye amangoti mawuwo ndi onamizira. Pansi pa kauthenga kameneka pali lamulo, pali mgwirizano wa makampani a mafoni, komanso pali makina omwe amamva mawu ena, ena ayi. Tiyeni tizione chimodzichimodzi.

Kuvomera: chimene chimayambitsa zonse

Uthenga wolandira mlendo suyenera kubwera wokha. Umabwera chifukwa munthu wachita chinthu china choonetsa kuti akufuna kumalandira mauthenga: wachonga kabokosi, watumiza mawu ngati `JOIN` ku nambala yomwe sitolo yalengeza, kapena wasaina pepala. Kungopereka nambala kuti akutumizireni lisiti si kuvomera mauthenga a malonda. Zili ngati mutauza telala komwe mukukhala kuti adzakubweretsereni diresi ikatha. Mwamulola kubwera kamodzi, pa ntchito imodzi, simunamuuze kuti Loweruka lililonse azigogoda ndi nsalu zatsopano.

Ku Amereka gwero la nkhaniyi ndi lamulo la mu 1991 lotchedwa Telephone Consumer Protection Act, lomwe mwachidule amati TCPA. Linapangidwa chifukwa cha mafoni a otsatsa malonda omwe ankalira m'makomo nthawi ya chakudya chamadzulo. Pa nthawiyo kunalibe n'komwe uthenga wolemba pafoni, poti woyamba unatumizidwa pa 3 Disembala 1992 ku Britain, pa netiweki ya Vodafone. Mu 2003 bungwe loyang'anira za mauthenga ku Amereka la FCC linanena kuti uthenga wolemba uziwerengedwa ngati kuimba foni pansi pa lamuloli, ndipo kuyambira mu Okutobala 2013 mauthenga a malonda otumizidwa ndi makina anayamba kufuna chilolezo cholembedwa, chomwe chikhoza kukhala cha papepala kapena cha pakompyuta.

Chomwe chimachititsa eni masitolo kusamala kwambiri ndi chindapusa. Lamuloli limalola munthu kusumira wotumiza madola 500 pa uthenga uliwonse wosaloledwa, ndipo khoti likhoza kukweza mpaka madola 1,500 likaona kuti anachita dala. Tiwerenge. Sitolo yomwe yatumiza mauthenga anayi kwa anthu 1,000 omwe sanavomere yatumiza mauthenga 4,000, ndipo mlandu wake ungafike madola 2 miliyoni. Ndiye uthenga woyamba uja, kuwonjezera pa ulemu, ndi umboni. Makina amasunga tsiku, ola ndi nambala, kuti mawa munthu akadzati sindinavomere, sitolo idzaonetse kuti inamuuza zomwe walowa ndi njira yotulukira.

Pali masitolo omwe amawonjezera sitepe ina. Asanakutumizireni uthenga wokulandirani amayamba akufunsani kuti muyankhe `Y` kapena `YES`. Chifukwa chake n'chakuti pakauntala munthu akhoza kuphonya nambala imodzi, kapena kulemba dala nambala ya mnzake. Yankho lochokera pafoniyo ndi lokhalo lomwe limatsimikiza kuti wovomerayo ndi amene foni ili m'manja mwake. Eni malonda ena sakonda sitepe imeneyi chifukwa anthu ambiri sayankha ndipo mndandanda umakula pang'onopang'ono, pomwe ena amati bola mndandanda waufupi wa anthu ofunadi.

Zimene zili mu uthengawo

Tibwerere ku uthenga uja. Uli ndi zilembo 126 kuwerengera ndi mipata yomwe, ndipo muli zinthu zisanu: dzina la wotumiza ndi mtundu wa mauthenga omwe muzilandira, kuchuluka kwake pa mwezi, chenjezo loti kampani yanu ya foni ikhoza kukudulani ndalama, kopeza thandizo, ndi njira yosiyira.

Kalembedwe kameneka sikanalembedwe mu lamulo la 1991. Kanachokera ku CTIA, bungwe la makampani a mafoni a m'manja ku Amereka, lomwe limalemba malangizo a momwe mauthenga a anthu ambiri azitumizidwira. Malangizowo si lamulo la boma, koma amaluma, chifukwa makampani a mafoni akhoza kutseka nambala ya sitolo yomwe sikuwatsatira. Zili ngati malamulo a mumsika: sanachokere ku nyumba ya malamulo, koma ukawanyozera mawa upeza benchi yako apatsa wina. N'chifukwa chake mauthenga a masitolo osiyana kotheratu amafanana ngati analemba ndi munthu mmodzi.

Chenjezo la ndalama lija ndi lotsalira la nthawi yomwe anthu ambiri ku Amereka ankalipira ngakhale pa uthenga womwe alandira. Lero ambiri amalipira pamwezi mosawerengera mauthenga, koma mawuwo akadalipo.

Mbali yomwe ine ndimaiona yofunika kwambiri, kupatula ya kusiya, ndi ya kuchuluka kwa mauthenga. Mawu oti osaposa anayi pa mwezi ndi lonjezo lomwe mungathe kuliwerenga nokha. Masitolo ambiri amalemba `Msg frequency varies`, kutanthauza kuti chiwerengero chimasinthasintha. Zimenezi n'zololedwa, koma wolandira sangadziwe ngati wavomera uthenga umodzi pa mwezi kapena uwiri pa tsiku.

Mawu oti STOP amapita kuti?

Apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka, choncho tikhalepo pang'ono.

Mukayankha uthenga uja, nthawi zambiri palibe munthu amene amawerenga. Sitolo situmiza mauthenga ndi foni ya m'manja ya mwini wake. Imalemba ganyu kampani yotumiza mauthenga ambiri nthawi imodzi, ndipo yankho lanu limakafikira pa makina a kampaniyo. Makinawo amatenga zomwe mwalemba n'kuzifanizira ndi mndandanda waufupi wa mawu. Ku Twilio, imodzi mwa makampani odziwika pa ntchitoyi, mawu monga `STOP`, `STOPALL`, `UNSUBSCRIBE`, `CANCEL`, `END` ndi `QUIT` amazindikirika mosayang'ana ngati mwalemba ndi zilembo zazikulu kapena zazing'ono. Akapezeka, nambala yanu imaikidwa pa mndandanda wa osatumiziridwa. Sitolo ikayesa kukutumizirani uthenga wina, makinawo amakana ndipo amaibwezera nambala ya vuto, 21610, yomwe imatanthauza kuti munthuyu anatuluka. Mukadzafuna kubwerera, mumatumiza `START`.

Taonani kuti nambala yanu siifufutidwa. Ikanafufutidwa, sitolo ikanadzailowetsanso mwezi wamawa pokopera mayina a makasitomala kuchokera m'buku lina, ndipo makina sakanadziwa kuti munakana. Imasungidwa dala, koma pa tsamba la oletsedwa, ngati momwe wagolosale amalembera kuseri kwa kope mayina a anthu omwe sayenera kuwapatsanso ngongole.

Vuto lalikulu ndi lakuti makina ambiri amafuna kuti mawuwo akhale okha. Tinene kuti amayi ena, omwe anaphunzitsidwa kuti munthu salamula popanda kupempha, alemba chiganizo chaulemu cha Chingerezi chopempha kuti asiye kuwatumizira, chokhala ndi chonde koyambirira ndi zikomo kumapeto. Kwa munthu tanthauzo lake n'loonekeratu. Kwa makina ongofanizira mawu, chiganizocho si `STOP`, ndiye chimangogwera m'bokosi la mayankho lomwe mwina palibe amalitsegula. Lachisanu uthenga wina ubwera, amayiwo akwiya, ndipo sitolo sikudziwa n'komwe kuti yalakwa. Izi zimandikhudza kwambiri, chifukwa amene amagwa mu dzenje limeneli ndi anthu aulemu, okalamba, ndi omwe Chingerezi si chilankhulo chawo.

Mu Febuluwale 2024 FCC inakhazikitsa malamulo oyankha nkhani imeneyi, ndipo ambiri mwa iwo anayamba kugwira ntchito pa 11 Epulo 2025. Malamulowo amatchula mawu asanu ndi awiri omwe akangotumizidwa ndiye kuti chilolezo chatha: `stop`, `quit`, `end`, `revoke`, `opt out`, `cancel` ndi `unsubscribe`. Amanenanso kuti mawu ena alionse omwe munthu wanzeru zake angamve kuti ndi kukana ayenera kulemekezedwa, ndi kuti sitolo singanene kuti njira yotulukira ndi imodzi yokha yomwe yasankha iyo. Wotumiza amapatsidwa masiku ogwira ntchito osaposa 10 kuti asiye, ngakhale kuti makina abwino amasiya nthawi yomweyo. Tanthauzo lake kwa mwini sitolo ndi lakuti payenera kukhala munthu woyang'ana bokosi la mayankho lija. Kwa wolandira, njira yachidule ikadali kulemba mawu amodziwo, opanda china chilichonse.

Mudzadziwa bwanji kuti zatheka? Kawirikawiri pamabwera uthenga umodzi womaliza wotsimikiza kuti mwachotsedwa. Uthenga umenewu unayamba wadzetsa milandu, poti anthu ena ankasuma kuti ndanena kuti musiye koma mwanditumiziranso. Mu Novembala 2012, poyankha pempho la kampani ya SoundBite Communications, FCC inagamula kuti uthenga umodzi wongotsimikiza, wopanda malonda mkati, si wolakwa, ndipo ukatumizidwa pasanathe mphindi zisanu umatengedwa kuti uli m'malire. Wopanda malonda ndiye mfundo yake. Uthenga wotsanzika womwe ukunyengerera kuti bwererani tikutsitsirani mtengo waphwanya malirewo. Mukayankha `STOP` ndipo papita mphindi zingapo kuli zii, muyambe kukayikira kuti yankho lanu silinafike.

Pamene uthenga sungayankhidwe

Yankho limafika pokhapokha ngati wotumiza ali ndi nambala. Ku Amereka masitolo amatumiza ndi nambala zazifupi za manambala asanu kapena asanu ndi limodzi, kapena nambala wamba za manambala khumi, ndipo zonsezi zimalandira mayankho. Koma m'mayiko ambiri, kuphatikizapo Britain ndi kuno kwathu, mauthenga a makampani amatha kubwera ndi dzina pamalo pa nambala. Dzina loterolo silipitirira zilembo 11, limaoneka bwino pafoni, koma ndi njira yopita mbali imodzi. Lili ngati kalata yomwe pa envulopu palembedwa dzina la wotumiza popanda keyala.

Zinandichitikira ndi sitolo ina ya zipangizo za m'nyumba. Uthenga wawo unabwera ndi dzina, ndipo pansi pake panali mawu oti ndiyankhe `STOP`. Ndinalemba, ndinatumiza, pambali pa uthenga wanga n'kutuluka kachizindikiro kofiira koti sunapite. Ndinayesa kawiri. Sindikuganiza kuti anachita dala. Zikuoneka kuti wina anangokopera mawu a uthenga wa dziko lina osayesa pafoni yake. Koma kwa ine wolandira, kusadziwa kwawo ndi chinyengo zinali ndi mapeto amodzi: sindinathe kutuluka mpaka nditapita ndekha kusitoloko.

Malamulo a FCC aja anaganizira zimenezi. Amati wotumiza akagwiritsa ntchito njira yosalandira mayankho, azinena poyera mu uthenga uliwonse kuti kuyankha sikutheka, ndipo apereke njira ina. Ku Britain masitolo otumiza ndi dzina amakonda kulemba nambala yapadera yotumizako `STOP`, kapena kuika linki yoti mudine. Aliyense wokonza mauthenga otere angathe kudziyesa m'mphindi zochepa: alembetse ndi foni yake, adikire uthenga wolandira mlendo, achite ndendende zomwe uthengawo ukunena, kenako adzitumizire uthenga wa malonda aone ngati ufika.

Malire a zilembo 160, ndi msampha wa Chichewa

N'chifukwa chiyani mawu a mu uthenga uja ndi odukaduka? Uthenga umodzi wa pafoni umanyamula zilembo 160 ngati zonse zili m'gulu la zilembo lotchedwa GSM-7, lomwe lili ndi zilembo wamba za Chilatini, manambala ndi zizindikiro zochepa. Mukaikamo chilembo chimodzi chokha chomwe mulibe m'gululo, uthenga wonse umasinthira ku kalembedwe kena, UCS-2, komwe malire ake ndi zilembo 70. Uthenga wopitirira malire umadulidwa m'zigawo, za zilembo 153 pa kalembedwe koyamba ndi 67 pa kachiwiri, ndipo wotumiza amalipira chigawo chilichonse. Foni ya wolandira imazilumikiza, choncho iye saona kusiyana.

Wolemba m'Chichewa akhoza kugwa apa osadziwa. Tiyese uthenga uwu:

```
SITOLO: Mwalembetsa kulandira mauthenga a malonda a m'sitolo mwathu, osaposa 4 pa mwezi. Kuti musiye, yankhani STOP. Thandizo: HELP.
```

Uli ndi zilembo 132, ndiye ukukwana m'chigawo chimodzi. Koma taonani kachizindikiro ka pa mawu oti m'sitolo. Kakakhala koongoka (') kali mu GSM-7. Mapulogalamu ambiri olembera amakasintha okha kukhala kopindika (’), ndipo kopindikako mulibe m'gululo. Mukakopera uthengawu uli choncho, zilembo 132 zija zidulidwa m'zigawo ziwiri za 67. Sitolo ya makasitomala 3,000 ilipira zigawo 6,000 m'malo mwa 3,000. Chilembo cha ŵ, monga mu Malaŵi, chimachitanso chimodzimodzi, ngakhalenso tizithunzi ta nkhope zomwetulira. Makampani ena otumiza mauthenga ali ndi batani losintha kachizindikiro kopindika kukhala koongoka, koma ndi bwino kuyang'ana chiwerengero cha zigawo chomwe makina akuonetsa musanatumize.

Nkhaniyi ikukhudzana ndi kusiya m'njira iyi: mwini sitolo akaona kuti bilu yakwera, amayamba kudula mawu, ndipo mawu omwe amaoneka osabweretsa ndalama ndi a kumapeto aja. Kudula kuyenera kuyambira pa moni ndi mawu okometsera, osati pa njira yotulukira.

Mwina mwaonanso kuti mu uthenga wa Chichewawu mawu oti `STOP` ndawasiya momwemo. Munthu akhoza kulemba `SIYANI` kapena `LEKANI`, koma makina sawadziwa mawu amenewa pokhapokha wina atawawonjezera pa mndandanda wa mawu otulukira. Makampani ena amalola kuwonjezera. Ngati sizinachitike, uthenga wolonjeza kuti `SIYANI` agwira ntchito ukulonjeza chinthu chomwe kulibe.

Kwina amati bwanji

Ku Britain lamulo la mu 2003 la mauthenga a pa foni ndi imelo, lodziwika kuti PECR, limafuna kuti mu uthenga uliwonse wa malonda mukhale njira yokanira. Limalolanso sitolo kutumizira munthu yemwe anagulapo kale za katundu wofanana, bola anapatsidwa mwayi wokana pomwe ankapereka nambala. Lamulo la ku Ulaya loteteza mbiri za anthu la GDPR, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Meyi 2018, lili ndi mfundo yosavuta kuikumbukira: kubweza chilolezo kukhale kophweka ngati momwe kuchiperekera kunalili. Ngati munalowa pongodina kamodzi, asakuuzeni kuti mulembe kalata kuti mutuluke. Ku South Africa gawo 69 la lamulo loteteza mbiri za anthu la POPIA limafuna kuti uthenga wa malonda uonetse wotumiza ndi komwe munthu angatumize pempho loti asiye. Ku Malawi lamulo loteteza mbiri za anthu la mu 2024 linapereka udindo woyang'anira nkhani zimenezi ku MACRA.

Nanga uthenga ukabwera musanavomere chilichonse? Apa malangizo amasintha. Uthenga weniweni wolandira mlendo umafika patangopita mphindi zochepa mutachita chinthu chomwe mukuchikumbukira, ndipo umatchula sitolo yomwe mukuidziwa. Wochokera kwa anthu osadziwika, makamaka wokhala ndi linki ndi mawu okufulumizitsani, ndi bwino osauyankha konse, chifukwa yankho lililonse limangowauza akubawo kuti nambalayi ili ndi mwini wake. Ku Amereka ndi ku Britain mauthenga otere amatumizidwa kwaulere ku nambala ya 7726 kuti kampani ya foni iwafufuze.

Mafunso omwe akadali poyera

Loyamba ndi lakuti `STOP` mmodzi amatseka zingati. Sitolo imodzi ikhoza kukutumizirani za malonda, za katundu wanu yemwe ali m'njira, ndi za ngongole. FCC inalemba kuti kukana kumodzi kuzikhudza mauthenga onse ofuna chilolezo ochokera kwa wotumiza ameneyo, koma mabanki ndi makampani ena anadandaula kuti munthu wotopa ndi malonda akhoza kudzitsekera mosadziwa chenjezo lofunika, ndipo gawo limeneli linachedwetsedwa pomwe ena onse ankayamba. Oimira ogula amati munthu akati siyani ndiye kuti siyani, asamachite kubwereza kanayi. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo.

Lachiwiri ndi la chilankhulo. Ngati mawu alionse omveka kuti ndi kukana ayenera kulemekezedwa, nanga munthu akayankha m'Chisipanishi, kapena m'Chichewa, omveka kwa ndani? Ndipo sitolo yaing'ono ya antchito atatu ingayembekezeredwe kuwerenga mayankho onse mofanana ndi kampani ya masitolo mazana?

Lachitatu ndi la nambala zosintha eni. Munthu akasiya nambala, kampani ya foni imadzaipereka kwa wina, ndipo watsopanoyo amalandira mauthenga omwe sanavomere, osaonako uthenga wolandira mlendo womwe unapita kwa mwini wakale. Amereka inatsegula mu 2021 nkhokwe yomwe otumiza angafufuzemo nambala zoterezi, koma kufufuzako n'kolipira ndipo si onse amachita. N'chifukwa chake ena amafuna kuti mawu a kusiya azilembedwa mu uthenga uliwonse, pomwe ena amati kuwakumbutsa mwa apo ndi apo n'kokwanira poti zilembo 160 n'zochepa.

Lomaliza lili m'makhoti. Mu Juni 2025 khoti lalikulu la ku Amereka linagamula kuti makhoti aang'ono sakakamizidwa kutsatira momwe FCC imamasulirira lamulo la TCPA. Kuchokera pamenepo oweruza ena ayambanso kufunsa ngati uthenga wolemba ulidi kuimba foni m'zigawo zina za lamulo lomwe linalembedwa uthenga woyamba usanatumizidwe, ndipo mayankho awo sakufanana.